Tsamba la chimanga ladyedwa kapena ladwala? Mmene mungadziwire pa chithunzi cha pafupi

Mvula ikakhazikika, chimanga n'kufika m'mawondo, foni yanga imadzaza ndi zithunzi za masamba, ndipo funso limakhala limodzimodzi: "Ndipopere mankhwala anji?" Zambiri mwa zithunzizo amajambula munthu ataima chilili, dzuwa lili paliwombo, tsamba likunyezimira, moti chimene ndimaona ndi nsapato ya wojambulayo ndi mzere wa munda. Ndayankha funsoli mokwanira, ndiye ndalemba pano kuti aliyense azidzionera yekha.

Mfundo yoti muigwire ndi iyi. Kachilombo kakadya tsamba kamachotsa mnofu wake, pamalopo pamatsala bowo kapena kakhungu kopyapyala. Matenda amapha mnofuwo n'kuusintha mtundu, koma umakhalabe pomwepo. Ntchito ya chithunzi chanu ndi kuonetsa ngati mnofu ulipo kapena wachoka. Chiyambire pamene mbozi zachilendo zija zinasakaza minda m'dziko muno, mpaka boma kulengeza mu Disembala 2017 kuti maboma 20 ali pa ngozi, anthu ambiri akaona banga lililonse pa tsamba amathamangira sayipa, mankhwala opha tizilombo. Sayipa sachiza chiwawu, matenda owaula masamba, ngakhale mutapopera kasanu.

1. Musanatulutse foni, onani pomwe vutoli lili

Imani pa phesi limodzi lomwe lakudetsani nkhawa, muliyang'ane kuyambira pansi mpaka kunsonga. Masamba a chimanga amatulukira pakati, pomwe ambiri timati kumtima kwa chimanga, ali okulungika, kenako amatambasuka. Choncho masamba a m'munsi ndi akale, a m'mwamba ndi atsopano.

Mbozi zimakonda masamba anthete a kumtima. Chiwawu chimayambira masamba a m'munsi, oyandikana ndi dothi ndi mapesi a chaka chatha, n'kumakwera pang'onopang'ono. Matenda a mizere amaonekera pa masamba atsopano, a m'munsi ali obiriwira bwinobwino. Mukangodziwa izi, mwachepetsa kale theka la chisokonezo.

Kenako dzutsani mutu muone munda wonse. Kodi vutoli lili pa phesi apa, phesi apo, pakati pa anzake athanzi? Kapena lagwira chigawo chonse mofanana, monga pamchenga kapena pomwe madzi amadikha? Vuto lofanana pa chigawo chonse nthawi zambiri limachokera m'nthaka kapena ku feteleza.

2. Jambulani zithunzi zinayi

Pitani m'mawa mame atangouma, kapena madzulo. Pukutani galasi la kamera ndi nsalu, chifukwa foni yokhala m'thumba imakhala ndi mafuta a m'manja ndipo chithunzi chimatuluka cha chifunga.

Choyamba chikhale cha phesi lonse, kuti woona adziwe msinkhu wa chimanga ndi masamba omwe agwidwa. Chachiwiri chikhale cha kumtima, kamera itayang'ana pansi, mutakanula masambawo pang'ono ndi zala. Chachitatu ndi cha banga lenilenilo. Imani moti mthunzi wanu ugwere pa tsamba, litambasuleni pa chikhatho kapena pa kope, ikani mtengo wa machesi pambali pa banga kuti kukula kwake kudziwike, foni italikire ngati chikhatho chimodzi, ndipo dinani pa sikirini pomwe pali bangapo mpaka mitsempha ya tsamba ioneke bwino. Mukayandikira kupitirira apo, mafoni ambiri amalephera ndipo zonse zimasungunuka. Musakoke chithunzi ndi zala musanajambule. Jambulani kaye, mudzakulitsa poyang'ana.

Chachinayi ndi chomwe pafupifupi aliyense amachiiwala. Thotholani tsambalo, mulikweze kumwamba kuti kuwala kudutse kuchokera kumbuyo kwake, mujambule bangalo. Musaloze dzuwa lenileni, thambo lowala ndi lokwanira. Mukatha, tembenuzani tsamba mujambulenso kunsi kwake ngati mukuona kanthu.

Potumiza kwa alangizi pa WhatsApp, dziwani kuti chithunzi chimafinyidwa ndipo tinthu tating'ono timatayika. Dinani HD musanatumize, kapena tumizani ngati Document. Bandulo idyeka pang'ono, koma ndi yotchipa kuposa botolo la mankhwala olakwika. Lembaninso tsiku lomwe munabzala, mtundu wa mbewu, tsiku lomwe munathira feteleza, ndi mbewu yomwe inali m'mundamo chaka chatha.

3. Ngati pali mabowo, yang'anani m'mphepete mwa bowo ndi kumtima

Apa n'posavuta. Matenda a masamba a chimanga omwe timakumana nawo kawirikawiri saboola tsamba. Bowo lenileni, loti chala kapena mtengo wa machesi n'kudutsa, ndi ntchito ya kamwa, kapena ya matalala ndi mphepo.

Mabowo akuluakulu osalongosoka m'mphepete, masamba a kumtima atang'ambikang'ambika, mkatimo muli ndowe zonga utuchi, ndi mbozi zachilendo zija, zomwe ena amangoziti ntchemberezandonda ngakhale zimasiyana ndi ntchemberezandonda zakale zoyenda chigulu. Mukaipeza mboziyo ijambuleni kawiri, kumutu ndi kumchira. Kumutu ili ndi chizindikiro chotuwa ngati Y wozondoka, ndipo chakumchira ili ndi madontho anayi akuda oikidwa m'makona anayi.

Timabowo ting'onoting'ono tofanana, tondandalikana mopingasa tsamba, timabwera chifukwa mbozi inaboola tsamba likadali lokulungika, ndiye potambasuka bowo limodzi lija laoneka kanayi kapena kasanu. Kapuchi, mbozi yomwe pambuyo pake imalowa m'phesi, amachita zimenezi kawirikawiri, koma mbozi zachilendo zikadali zazing'ono zimachitanso. Chithunzi cha mabowo okha sichingakuuzeni kuti ndi iti mwa ziwirizi. Pezani mboziyo, kapena ng'ambani phesi limodzi lomwe mtima wake wauma muone ngati muli njira.

Ziwala ndi anunkhadala amadya kuyambira m'mphepete mwa tsamba kulowa mkati, ndipo sasiya ndowe kumtima. Matalala amang'amba tsamba motsata mitsempha, zidutswa zake n'kumalendewera, ndipo mukaziyandikizanso zimalumikizana chifukwa palibe chomwe chadyedwa.

Cholakwika chachikulu pano ndi kupopera chifukwa cha bowo lakale. Bowo silitsekeka. Tsamba lomwe linadyedwa masabata atatu apitawo lidzakhala lobooka mpaka kukolola, pomwe mbozi yomwe inalidya imakula m'masabata awiri kapena atatu nyengo yotentha, n'kutsikira m'dothi. Pa chithunzi, bowo latsopano lili ndi m'mphepete mobiriwira ndi monyowa, lakale lili ndi kamzere kouma kofiirira. Ndowe zatsopano ndi zonyowa ndi zomatana, zakale ndi zouma ngati fumbi. Ngati masamba awiri atsopano atuluka osadyedwa ndipo kumtima n'koyera, mbozi yapita kale.

4. Mawindo ndi chiwawu: pomwe ambiri amasochera

Mbozi ikangoswa kumene imakhala yaing'ono kwambiri moti singathe kuboola tsamba. Imapala mnofu wobiriwira mbali imodzi, n'kusiya kakhungu ka mbali inayo. Pamalopo pamaoneka potuwa, poonekera kuwala, ndipo alangizi amati mawindo. Popeza kambozi kakang'ono kamalephera kuluma mitsempha, kamapala motsata mpata wa pakati pa mitsemphayo, ndiye windo limatuluka lalitali, lowongoka m'mbali. Pakapita masiku limauma n'kukhala lofiirira.

Tsopano taonani chiwawu cha mabanga otuwa, chomwe pa mapaketi ena a mbewu amalemba kuti GLS. Chimayamba ndi fangasi, mtundu wa nkhungu, ndipo nacho chimatsekeredwa ndi mitsempha, choncho banga lake limakhala lalitali, lowongoka m'mbali, lamakona anayi, lotuwa kapena lofiirira, kutalika kuyambira sentimita imodzi mpaka 5 kapena 6. Pa chithunzi chojambulidwa patali, windo lakale ndi banga la chiwawu chimenechi n'zofanana. Ngakhale munthu wozolowera amatha kunamizika.

Apa ndi pomwe chithunzi chachinayi chija chimagwira ntchito. Kulitsani bangalo pa sikirini. Windo limawala kuposa tsamba lolizungulira, mpaka chala choikidwa kumbuyo chimaoneka mthunzi wake, chifukwa mnofu unachotsedwa. Banga lokhwima la chiwawu cha GLS silidutsa kuwala, limaoneka lakuda poyerekeza ndi kubiriwira kowala komwe kwalizungulira, ndipo timabanga tatsopano timakhala ndi mkombero wachikasu. Windo silikhala ndi mkombero wotere. Malire ake ndi akuthwa, kubiriwira kumangothera pomwe mano anathera.

Yang'ananinso mapeto a banga. A windo amakhala okumbikakumbika, ndipo pafupi pamakhala timawindo tina tosiyana kukula, tina tozungulira ngati kobaya ndi singano, mwina ndi timadontho takuda ta ndowe. Mabanga a chiwawu amafanana maonekedwe, onse ayang'ana mbali imodzi motsata mitsempha, ndipo akachuluka amalumikizana mpaka tsamba kuoneka lowauka. Pitaninso chala pamwamba ndi pansi pa tsambalo. Windo limamveka lolowa mkati mbali yomwe inapalidwa ndipo limabooka mukangokanikiza pang'ono. Banga la chiwawu ndi lokhuthala ngati tsamba lonse.

Msinkhu wa chimanga ndi mboni ina. Mawindo amachuluka chimanga chikadali chaching'ono, pa masamba a m'mwamba. GLS kawirikawiri imaonekera chimanga chikayandikira kumasula kapena chitamasula kale, m'nyengo ya mvula yosalekeza ndi mame ochedwa kuuma. Munthu akanditumizira chimanga cha masabata atatu n'kunena kuti chagwidwa GLS, ndimayamba ndakayika.

Ngati mukukayikabe, pali njira ziwiri zosafuna ndalama. Yoyamba, zungulizani mabanga atatu ndi bolopeni pa tsamba lomwe latambasuka kale, mujambule, mubwerenso pakapita masiku asanu mujambule pomwepo. Windo limakhala mmene linalili. Banga la matenda limatalika, kapena pambali pake pamabadwa ena. Yachiwiri, dulani chidutswa cha tsamba, muchiike m'pepala la pulasitiki pamodzi ndi kansalu konyowa, mumange, musiye pamthunzi usiku umodzi kapena uwiri. Pa banga la fangasi pamamera kaubweya kotuwa kapena koderapo, pa bangapo pokha. Musapitirire masiku awiri, chifukwa pambuyo pake nkhungu wamba imamera paliponse pomwe pafa ndipo ikusokonezani.

Pali chiwawu china chosavuta kuchizindikira, cha mabanga akuluakulu osongoka kumapeto konse ngati bwato, otalika kuyambira masentimita atatu mpaka 15. Chimenechi sichilemekeza mitsempha, chimaidutsa. Chimakonda malo ozizira a chinyontho monga kumapiri a Dedza ndi Ntcheu. Anthu amangoti chiwawu pa zonse ziwiri, n'chifukwa chake muyenera kuika mtengo wa machesi uja pa chithunzi.

5. Mizere yachikasu

Apa mfundo yathu ija iyenera kugwiridwa mosamala, chifukwa pali matenda omwe amabwera ndi kachilombo. Matenda a mizere ndi vayirasi, ndipo amafalitsidwa ndi tizilombo ting'onoting'ono todumpha, totalika mamilimita awiri kapena atatu, tomwe timayamwa madzi a tsamba. Sitiboola tsamba, ndipo mwina simudzationa n'komwe.

Pa chithunzi cha pafupi muona timizere topyapyala, tachikasu kapena toyererako, todukaduka, totsata mitsempha tsamba lonse. Pa tsamba la kumtima timayamba ngati timadontho. Mnofu ulipo wonse, sunaume, ndipo kuwala kukadutsa timizereto timaoneka tachikasu, osati toyera ngati windo. Masamba omwe anatuluka matendawa asanalowe amakhala obiriwira, onse otuluka pambuyo pake amakhala ndi mizere. Mukawerenga kuchokera pansi mutha kudziwa nthawi yomwe phesilo linagwidwa. Logwidwa likadali laling'ono limapinimbira ndipo silibereka chimanga cholozeka. Logwidwa mochedwa limabereka ndithu. Matendawa amavuta kwambiri chimanga chobzalidwa mochedwa ndi cha kudimba.

Phesi lomwe lagwidwa silichira, kaya mupopere chiyani. Ngati ndi mapesi ochepa ndipo chimanga chikadali chaching'ono, zulani. Chaka chamawa bzalani ndi mvula yoyamba ndipo funsani mbewu yopirira matendawa.

Mizere ina ndi njala chabe. Kusowa kwa zinki kumapanga mikwingwirima yotakata yoyererako mbali zonse za msana wa tsamba, makamaka chakutsinde kwa masamba atsopano, msana ndi m'mphepete zili zobiriwira. N'chifukwa chake feteleza wokulitsa wa 23:10:5+6S+1.0Zn anamuikamo zinki. Kusowa kwa maginiziyamu kumapanga mizere yosadukiza pa masamba a m'munsi. Kusowa kwa nayitirojeni kumayamba kunsonga kwa masamba a m'munsi, chikasu n'kumalowa motsata msana ngati chilembo cha V. Zonsezi zimagwira chigawo cha munda mofanana, pomwe vayirasi imadumphadumpha, phesi lodwala n'kukhala pafupi ndi lathanzi.

6. Timadontho tofiirira

Pakani chala pa timadontho, kenako mujambule chalacho. Chikatuluka ndi ufa wofiirira, ndi matenda a dzimbiri, ndipo pa chithunzi chojambulidwa cham'mbali muona kuti timadonthoto ndi totukuka, kumwamba ndi kunsi kwa tsamba. Ngati tsamba lathothomathothoma ndi timadontho toyera ting'onoting'ono, nyengo ili yotentha ndi youma monga kudimba mu Seputembala ndi Okutobala, tembenuzani muone kunsi. Akangaude ofiira amakhala kumeneko ndi timaukonde tawo. Nsabwe za m'masamba zimaunjikana kumtima ndi ku ngayaye, tsamba limamata, ndipo nyerere zimakwera phesi. Madontho oyera ouma omwe abwera tsiku limodzi, mbali imodzi ya phesi, mutangothira yureya kapena mnansi atapopera mankhwala opha udzu kuli mphepo, ndi kupsa, ndipo sachuluka.

7. Werengani mapesi musanagule kanthu

Chithunzi chimakuuzani chomwe chili pa tsamba limodzi. Kuti mudziwe ngati vutolo n'loyenera ndalama, yendani m'munda mokhotakhota ngati chilembo cha W, kupewa m'mphepete, muime malo asanu, ndipo pamalo aliwonse muyang'ane kumtima kwa mapesi 10 otsatizana. Onse akhala 50. Werengani okhawo omwe ali ndi mawindo atsopano, ndowe zonyowa kapena mbozi yamoyo. Malangizo ambiri amati chimanga chikadali chaching'ono muchitepo kanthu akafika mapesi 20 pa 100 aliwonse, ndipo chikakula kuyandikira kumasula, 40 pa 100.

Tiyerekeze munda wa theka la ekala, wobzalidwa kumayambiriro a Disembala, momwe chaka chatha munalinso chimanga ndipo mapesi ake anayalidwa pansi. Kumayambiriro a Febuluwale, ngayaye zili pafupi kutuluka, mwini munda akuona mabanga ofiirira aataliatali ndipo akuti ndi mbozi, pakuti mu Januwale anazionadi. Chithunzi cha phesi lonse chikuonetsa kuti mabangawo adzaza masamba anayi a m'munsi, ndipo m'mwamba muli mabowo ochepa. Cha pafupi chikuonetsa mabanga amakona anayi, otalika theka la mtengo wa machesi, ena kufika mtengo wonse. Choyang'anitsa kuthambo chikuonetsa kuti kuwala sikudutsa, ndipo timabanga tating'ono tili ndi mkombero wachikasu. Mabowo a m'mwamba aja ali ndi m'mphepete mouma. Poyenda m'munda, mapesi 6 okha mwa 50 ali ndi ndowe zonyowa, kutanthauza 12 pa 100.

M'mundamo muli zinthu ziwiri. Mbozi zinadutsa ndipo zatsala zochepa, moti mapesi 6 aja ndi ena onga iwo mutha kungofinya mbozizo ndi zala kapena kuthira dothi kumtima monga ambiri amachitira. Chomwe chikukula ndi chiwawu cha GLS, chochokera m'mapesi a chaka chatha. Choyenera kulondola tsopano ndi tsamba lomwe lili pa chimanga chenichenicho ndi onse a pamwamba pake, chifukwa ndi amene amadzaza njere. Ikani chizindikiro pa mapesi asanu, muzijambula tsamba limenelo sabata iliyonse. Ngati mabanga afika pamenepo chimanga chisanayambe kukhwima njere, mvula ikugwabe, pitani ndi zithunzizo kwa alangizi a ku EPA, ofesi ya zaulimi ya kwanu, mukambirane za mankhwala a fangasi ndi mtengo wake, ndipo mukapopera tsatirani zolembedwa pa botolo ndi kuvala zodzitetezera. Ngati afika njere zitalimba kale, sungani ndalamayo. Chaka chamawa m'mundamo mulowe soya kapena mtedza, ndipo chimanga chikadzabwereranso chikhale cha mtundu wopirira chiwawu.